Inu a makosi aatali pa ngozi, mumafunapo chiyani?

Dzulo ndagona ndi mkwiyo, lero ndadzuka nawo, ndiye mundipirire ndilankhule. Ndinakwera shapa ya m'mawa pa Ulongwe kupita ku Nyungwe kukazonda mdzukulu wanga ali m'chipatala. Tadutsa pa Musakama, tikutsetsereka kulowera cha ku Mowatize, tangokhota pakona ina basi mzere wa magalimoto uli ndandanda kutsogolo kwathu, motorisita wathu ndi kuponda buleki mpaka mayi wina dengu la tomato linamuthawa pamiyendo. Ife ndife tinali omaliza pamzerewo, ndipo amene anayendetsapo galimoto yaikulu akudziwa kuti malo amenewo si okhalapo munthu. Sipanathe ndi mphindi imodzi ndinamva kumbuyo mpweya wa buleki uja, tchiii, tchiii, hutala ili pooo osalekeza, ine m'mimba munangoti zii chifukwa kulira kumeneko ndimakudziwa, ndayendetsa kamyao zaka zoposa 20 njira ya Beira ndi Zobuwe yomweyi. Mnyamata wa kamyaoyo Mulungu amudalitse, anaiponyera kudothi kumanzere ndi kudzaima pafupi ndi windo langa, fumbi koboo, fungo la buleki yopsa kulowa m'shapa monse, iye manja akunjenjemera pa chiwongolero osatha ndi kuyankhula komwe. Kukanakhala ngalande kapena chigumula pamenepo, lero bwenzi mukuimba nyimbo za maliro a anthu shapa yonse.

Ndiye takwawa pamzere umenewo mphindi 40 dzuwa la kumunsi kuja mukulidziwa, ine ndikuganiza kuti kutsogoloku msewu watsekeka, mwina zagundana ziwiri. Tifike pamalopo, abale anga! Kamyao ya kachewere yagona chammbali kunja kwa phula, matumba ali mbwee m'tchire, mwini wake wamoyo wakhala pa tayala akuimba foni, nthambi anaika kale, triyangulo anaika kale. Phula lonse lili pululu, uku ndi uku. Palibe chotseka msewu olo mwala umodzi. Chimene chinatsala pang'ono kutipha kumbuyo kuja ndi makosi a anthu basi, aliyense akafika pamenepo phazi pa buleki, mutu kunja kwa windo, kuwerenga matumba a eni.

Wathunso ndiye anachita kunyanya. Dzanja limodzi pa chiwongolero, lina latulutsa foni akujambula, shapa nayo yayamba kutsetsereka kulondola komwe maso ake ali. Ndinati iwe mwana iwe, ukutipititsa kuti? Akuti pepani madala, ndimafuna ndione ngati si a kwathu ku Tsangano. Nanga akakhala a kwanu uwadzutsira kamyaoyo ndi foni? Bwanji osaimika bwinobwino kutsogolo uko ndi kutsika kukawafunsa? Anangoseka, kobradolo nayenso kuseka, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti theka la okwera anali ataimirira chowerama kukanikizana pa mawindo a mbali imodzi, mayi wa tomato uja nayenso yemwe amalira mayo mayo posachedwapa.

Sindikunena kuti ine ndine mngelo ayi. Diso la munthu likaona chitsulo chopindika limakokedwa lokha, mtima umafuna kudziwa kuti wafa kapena wapulumuka, zachitika bwanji, kodi ine sizingandichitikire pakona yomweyi, ndipo pa msewu wathuwu timadziwana magalimoto ndiye funso lakuti kodi si m'bale wanga limabwera ndithu. Chimenecho ndachimva, nanenso khosi limandiyabwa. Koma wokwera ayang'ane, kobradolo ayang'ane adzakuuze, iwe wagwira chiwongolero unalipidwa kuti uziyang'ana kutsogolo. Karita ija anakupatsa yoonera ngozi?

Pali kuchepetsa liwiro kwa munthu wanzeru, ndiye pali kwa kaduwire uyu, ndipo kusiyanitsa kwake sikovuta, mudzaone nokha magetsi ofiira a kumbuyo kuti akuyaka pati. Wanzeru akangoona nthambi zoyamba pamsewu kapena triyangulo amachotsa phazi pa moto akadali kutali, amayatsa magetsi ophethira onse anayi kuti wa kumbuyo adziwe, amatsika giya, maso ali pa phula kufuna magalasi osweka, dizilo wotayika, mwana wothamanga kudumpha msewu, wa transito akukweza dzanja, akafika pa ngozipo amadutsa liwiro lake lomwelo lochepalo osaima, akapitirira amaponda moto. Winayu amabwera ali fwaa, nthambi sanazione n'komwe, magetsi ofiira amayaka pomwe wafika ndendende pa chitsulo chogwacho, pamenepo ndiye amaponda mwadzidzidzi, mutu wapotoloka. Sanachepetse kuti asagunde kanthu, wachepetsa kuti aone bwino. Umboni wina ndi uwu, a mbali inayo ochokera ku Mowatize kupita ku Zobuwe, amene ngoziyo sinali mbali yawo ndi pang'ono pomwe, nawonso anali ndi mzere wawo wautali. Iwowo chinawatseka n'chiyani?

Ena mumati aaa madala, ndangoyang'ana pang'ono chabe, kamodzi kokha. Tiyeni tiwerenge pang'ono panupo. Galimoto ikamayenda 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Mukatembenuka masekondi 3, amene ndi ochepa kwa munthu amene akufuna aone ngati pali magazi, mwayenda mamita 50 muli wakhungu, theka la bwalo la mpira. Mwabweza maso, mwaona kuti mnzanu wa kutsogolo waima chifukwa nayenso akuonerera, phazi lisanafike pa buleki yapitanso sekondi ina, mamita ena 17 amenewo. Mwamugunda. Ndiye mutsika n'kumati anaima mwadzidzidzi, mfiti ameneyu. Ndiponso manja amatsata maso, ichi aliyense amene anaphunzira njinga akuchidziwa, ukayang'anitsitsa mwala umakaugunda mwala womwewo. Ukapotolera mutu kumanzere chiwongolero chimapita kumanzere iwe osamva, kumene kwaima anthu othandiza, kumene wagona wovulala. Ukapotolera kumanja ukulowa mu njira ya kamyao ikubwera.

Za mzere nazonso ndinawerenga ndekha dzulo ndi wotchi yanga, poti nthawi ndinali nayo yambiri. Pamalo ngati amenewo, anthu akamadutsa mwaulemu osaima, galimoto imodzi pa masekondi 3 kapena 4 imatheka, ndiye kuti pa mphindi zadutsa 15 kapena kuposa. Dzulo aliyense amadyapo masekondi ngati 10, ndiye kuti pa mphindi zikudutsa 6 zokha. Tinene kuti kumbuyo zikufika 10 pa mphindi, zinayi zikutsalira mphindi iliyonse, pakatha theka la ola zatsalira 120. Muike makamyao aatali aja pakati pake, muona kuti mzere wapitirira kilomita. Inuyo mwataya masekondi 10 anu okha ndipo mwapita mukuimba mluzu, koma mwakankhira mchira wa mzere kumbuyo, kumbuyo, mpaka wakabisala kuseri kwa kona, pamtsetse, kutali ndi nthambi zonse ndi triyangulo zonse zimene mwini ngozi anaika. Kumeneko kulibe chenjezo lililonse. Kukubwera munthu wasenza matani 30, watsika mapiri kuchokera ku Zobuwe buleki yatentha kale, ndipo buleki ikatentha imagwira ngati sopo, akukhota akudziwa kuti kutsogolo kuli msewu, akupeza shapa yaima. Kamyao yodzaza siima ngati tchopela, anthu inu. Amene anayambitsa ali kale ku Mowatize akumwa chozizira, akufotokozera anzake za kachewere, sadzadziwa mpaka kufa kwake kuti anapha anthu.

Nanga ambulansi ikabwera idutsa pati? Mbali zonse ziwiri mwadzaza, a njinga zamoto alowa pakati, ena aimika pa phula pomwepo chitseko chili yasaa apita kukajambula. Munthu akutha magazi, galimoto yomutenga ikulira kilomita imodzi kumbuyo. Mwa onse otembenuza makosi aja ndi angati anatsika ndi botolo la madzi? Ndi angati anati ndili ndi malo kumbuyoku, mukwezeni ndimufikitse kuchipatala? Ndi angati anathyola nthambi n'kuthamangira kuseri kwa kona kukakupiza makamyao? Mukati ndi chisoni chimakuimitsani, chisoni chake chiti chosatsika m'galimoto?

Foni ndiye yatimaliza. Kale munthu amayang'ana n'kupita, lero afuna akhale woyamba kuponya pa gulu la WhatsApp, ndiye ayenera ayime ndithu kuti chithunzi chisagwedere, nambala ya galimoto ioneke, nkhope ioneke. Mayi ali kumunda ku Domwe adziwire pa foni ya mwana wa neba kuti mwamuna wake wagona pa phula, nsapato ili uko. Kwathu uthenga wa maliro umapita ndi munthu wamkulu, amafika, amakhala pansi, amayamba ndi kufunsa za moyo. Inu munaleredwa kuti?

Ndipo pali ena, tisabisane, amene amachepetsa liwiro kuti aone chatayika n'chiyani. Ukhale shuga, ukhale ufa, akhale mafuta, aimika. Dzulo matumba awiri atatu ndinawaona akulowa m'galimoto imene sinawabweretse, mwini wake ali pompo. Anthu a chigawo chino ndife oyenera kuuzidwa za kuunjikana pa galimoto yaikulu? Pa Kaphiridzanje, msewu womwewu, mu Novembala 2016, thanki ya mafuta yochokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika anthu ataizungulira, anafa oposa 70, ena anakafera ku chipatala ku Nyungwe patapita masiku. Moto sunafunse kuti wa chigubu ndani, wongoima pafupi ndani. Timadutsa pamenepo sabata ndi sabata, koma ikagwa thanki lero mudzaona makosi omwewo, wina ndudu ili pakamwa, injini ikulira pambali pa mafuta akuyenderera.

Titafika ku Nyungwe ndinamupatsa kobradolo ndalama yake, kenako ndinapita pa windo la motorisita uja kumuuza kuti mwana wanga, kamyao ija inaima pambali pathu unaiona? Akuti iti madala? Anali ataiwala kale, ali kalikiliki kuonetsa anzake a pa siteji kanema wa kachewere, ndipo kanemayo ndinamuona ndi maso angawa, theka lake ndi thambo ndi chala chake.

Pobwerera sindinakwere yake. Inu nonse a khalidwe limeneli, bwezani makosi anuwo m'galimoto, mwakula.