Ndani ali ndi ufulu woseketsa anamfedwa?

Pakati pa Ashona a ku Zimbabwe, pamaliro pamakhala sahwira, bwenzi lapamtima la malemu lomwe si wachibale, ndipo mwambo umamulola kutsanzira mayendedwe ndi malankhulidwe a malemuyo mpaka olira aseke. Ku Zambia ntchitoyi imagwera achimbuya, anthu a mitundu imene mwambo umailola kuseleulana, monga Abemba pamaliro a Mngoni, amene amathira anzawo ufa kumutu ndi kuwanyogodola. M'makomboni a ku South Africa monga Soweto anthu anachita kugawa nthawi: kulira kumathera kumanda, kenako madzulo kumakhala phwando la nyimbo ndi zakumwa, limene dzina lake limatanthauza kuti misozi yatha.

Kuno ku Malawi tsiku loika maliro ndi lolemera. Mbiri ya malemu imawerengedwa, oimira banja ndi amfumu amalankhula, abusa amalalikira, ndipo kawirikawiri kuseka timakusungira tsiku lovundukula chiliza, pakapita chaka kapena kuposerapo. Vuto ndi lakuti wolankhula tsikuli nthawi zambiri amakhala mwana kapena mphwake wa malemu, munthu yemwe alibe chilolezo cha sahwira komanso amene mtima wake udakali ndi bala.

Pa njira zitatuzi, ine ndimakhulupirira ya Ashona, chifukwa nthabwala ya sahwira imachokera m'khalidwe la malemu, ndipo ichi wachibale angathe kutengera. Ya ku Soweto imapumitsa anthu ndithu, koma nyimbo zikakwera malemu satchulidwanso kwenikweni.

Tiyerekeze kuti mukulankhula pachiliza cha amalume anu amene anali telala. Mphindi 3 zikukwanira. Mukapereka ulemu kwa amfumu, abusa ndi akuluakulu a banja, tchulani imfayo poyera musanaseketse munthu: "Papita chaka amalume atatisiya, ndipo makina awo akadali pakhonde, palibe amene walimba mtima kuwasuntha." Kenako nenani nkhani imodzi yokha imene ambiri anaiona ndi maso: "Amalume akati diresi lanu likhala litatha Lachisanu, nonse mukudziwa kuti sankatchula Lachisanu lake, koma palibe mwana wa pamudzi pano amene anapita kusukulu wopanda yunifolomu chifukwa cha kusowa ndalama." Anthu aseka pa Lachisanupo, ndipo mawu otsatirawo awabwezera ku chimene anataya. Malizani potembenukira kwa amayi amasiye ndi ana, kuwauza kuti mbumba idakali nawo.

Za matenda, ngongole, mowa ndi mitala zisiyeni, ngakhale sahwira angazikhudze, pakuti iye mwambo umamuteteza pamene inu mawa mudzakhala pamphasa imodzi ndi banjalo. Polankhula muziyang'ana amayi amasiyewo. Akamwetulira uku akupukuta misozi ndi chitenje, pitirizani. Koma akaweramitsa mutu pamene achinyamata akumbuyo okha ndiwo akuseka, idulireni pomwepo nkhaniyo, muthokoze obwera, ndipo mupemphe amayi a mvano kapena a chigwirizano ayambitse nyimbo imene malemu ankaikonda.