Belu la tikiti lisamalire ofesi ili yotseka

Kampani ikalonjeza kasitomala kuti akalemba za vuto lake ayankhidwa pasanathe maola anayi ogwira ntchito, imakhala yadziika pa wotchi. Ambiri amene amakonza sisitimu ya matikiti, momwe dandaulo lililonse la kasitomala limalembedwa ngati tikiti, amatchera bwino wotchi ya lonjezolo, lija a ntchitoyi amalitcha SLA, koma chenjezo lopita kwa mwini tikiti, wantchito amene wapatsidwa kuti aiyankhe, amangoliponyapo mwachisawawa: "lipite kutatsala ola limodzi." Maganizo anga ndi akuti pamenepa ndi pamene malonjezo ambiri amaphwanyikira, chifukwa ola limodzilo sanena kuti ndi la wotchi iti.

Tiyeni titenge tikiti imodzi. Ofesi imatsegula 8:00 m'mawa n'kutseka 5:00 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Kasitomala walemba Lachisanu nthawi ya 1:30 masana. Pofika 5:00 papita maola atatu ndi theka, wotchi yaima, yatsala mphindi 30 zimene ziyambenso kuwerengedwa Lolemba. Ndiye kuti malire ake ndi Lolemba 8:30 m'mawa.

Tsono chenjezo lipite liti? Wina akangochotsa ola limodzi pa 8:30 monga mmene wotchi yapakhoma imayendera, uthenga upita Lolemba 7:30, mwini tikiti ali mu minibasi. Afika 8:00, ayatsa kompyuta, apeza maimelo onse a Loweruka ndi Lamlungu ataunjikana pamwamba pa chenjezo lija. Akamaliona, 8:30 yadutsa. Sisitimu inatumizadi uthenga, ndipo pa lipoti zioneka ngati munthuyo ananyalanyaza.

Mukawerenga chobwerera m'maola ogwira ntchito, yankho limasintha: mphindi 30 za Lolemba, kuphatikiza mphindi 30 zomaliza za Lachisanu. Chenjezo liyenera kulira Lachisanu 4:30 madzulo, munthu akadali pa desiki, ndipo angathe kuyankha asanapite kwawo. Kusiyana kwake ndi masiku awiri ndi theka, pa tikiti yomweyo ndi lamulo lomwelo la "ola limodzi". N'chifukwa chake ndimati nthawi ya chenjezo iwerengedwe ndi kalendala yomwe yawerengera malire, pa nthawi imene tikiti yalowa, n'kusungidwa payokha. Pakhale `due_at` ya nthawi ya malire, pakhalenso `warn_at` ya nthawi ya chenjezo. Tikiti ikakwezedwa kukhala yofulumira, zonse ziwiri ziwerengedwenso, apo ayi chenjezo limatsalira pa malire akale.

Kalendalayo ikhale ndi maholide, ndipo wina apatsidwe udindo woilemba chaka chilichonse, poti masiku ngati a Isitala amasuntha. Onaninso kuti seva ikuiwerenga pa nthawi ya kuti. Maseva ambiri amayendera UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi ndi Zambia. Seva ikatenga 8:00 yanu ngati ya UTC, tikiti yolowa 8:15 m'mawa imayamba kuwerengedwa 10:00. Pa sikirini pamaoneka zobiriwira mpaka 2:00 masana, chikhalirecho lonjezo linaphwanyika kale 12:15. Chizindikiro chake n'chosavuta: lipoti likuti zonse zili bwino, koma makasitomala olemba m'mamawa ndi amene akudandaula.

Pali vuto lina lobisika kwambiri, la kalondolondo wa m'sisitimu amene amazungulira kuona matikiti oyandikira malire. Sayang'ana nthawi zonse, amabwera mwa apo ndi apo. Mwachitsanzo mu sisitimu ya matikiti ya Zendesk malamulo a `automations` amayenda kamodzi pa ola, ngakhale muli ndi `Hours until next SLA breach` yoti mugwiritse ntchito. Tinene kuti pulogalamu yanu imayendera matikiti pa ola lililonse ndipo imachenjeza kukatsala mphindi 30. Tikiti ina malire ake ndi 10:50. Nthawi ya 10:00 pulogalamu ikuona kuti kwatsala mphindi 50, ikuti sizinafike. Ikubweranso 11:00, malire adutsa ndi mphindi khumi. Tikiti imeneyi sinachenjezedwe n'kamodzi komwe, ndipo palibe chimene chawonongeka choti n'kuchiloza. Mpata wa pakati pa maulendo ukhale waufupi kwambiri poyerekeza ndi nthawi ya chenjezo: ngati mukufuna munthu akhale ndi mphindi 30, yenderani mphindi zisanu zilizonse. Ngati chida chanu sichilola, kulitsani nthawi ya chenjezo kufika maola awiri.

Funso limene pulogalamu imafunsa likhale lakuti nthawi "yafika kapena yadutsa", osati "yakwana ndendende":

```
SELECT id, owner_id FROM tickets
WHERE first_reply_at IS NULL
  AND warn_at <= NOW()
  AND warned_at IS NULL;
```

Likalembedwa chonchi, seva ikazima kwa kanthawi, podzuka imatolera onse amene inawaphonya. Mzere womalizawo ndi woteteza anthu ku phokoso: uthenga ukapita, lembani nthawi mu `warned_at`. Popanda zimenezi munthu amalandira chenjezo lomwelo mphindi zisanu zilizonse, ndipo pakutha pa sabata amakhala atatchera imelo yake kuti mauthenga oterewa azingogwera mu foda imene satsegula. Ndani angamudzudzule?

Za maperesenti ndinenepo pang'ono. Sisitimu ya matikiti ya ServiceNow imabwera itatcheredwa kale kuti izichenjeza pa 50 ndi pa 75 peresenti ya nthawi, ndipo anthu amakopera manambalawa paliponse. Pa lonjezo la maola anayi, 75 peresenti imasiya ola lathunthu, n'zabwino. Pa lonjezo la mphindi 15 imasiya mphindi zosakwana zinayi, zongokwanira kuwerenga tikitiyo. Funsani kaye kuti yankho labwino limatenga nthawi yotalika bwanji kulikonza, kenaka muikepo chenjezo.

Nanga "mwini" ndani? Matikiti ambiri ophwanya lonjezo la yankho loyamba amakhala oti palibe anawatenga. Pamene `owner_id` palibe kanthu, chenjezo limapita kumphepo. Apa lamulo likhale losiyana: tikiti yopanda mwini ipite kwa woyang'anira shifiti wa tsikulo, munthu mmodzi wodziwika dzina, ndipo ipite msanga, theka la nthawi lisanathe. Kuitumiza ku gulu lonse sikuthandiza, aliyense amati mnzake waiona. Chimodzimodzi mwini amene ali pa tchuthi kapena waweruka: sisitimu iyang'ane ngati ali pa ntchito pa nthawi ya chenjezo, ngati palibe idumphire kwa wina. Tikiti ikasamutsidwa kwa munthu watsopano, fufutani `warned_at` kuti nayenso auzidwe, koma wotchi isayambirenso, chifukwa kasitomala sanasiye kudikira pamene inu mumapatsirana.

Uthengawo ukhale woti munthu achitepo kanthu asanatsegule china chilichonse: nambala ya tikiti, kasitomala, chimene chikufunika, ndi nthawi yeniyeni ya malire. "Yankhani isanakwane 8:30 Lolemba" imaposa "kwatsala ola limodzi", poti uthenga ukawerengedwa mochedwa ola lija limakhala bodza.

Ndipo samalani ndi chimene chimaimitsa wotchi. Imelo ija yodzitumiza yokha, yakuti talandira uthenga wanu, isalembedwe mu `first_reply_at`, mosungira nthawi ya yankho loyamba. Ikalembedwamo, tikiti iliyonse imaoneka yoyankhidwa m'masekondi ochepa, funso lili pamwambali silipezanso tikiti ina iliyonse, ndipo chenjezo silipitanso. Poyesa, tsegulani tikiti yongoyerekeza Lachisanu 1:30 masana, musaiyankhe, muone ngati foni ya mwini wake ilira 4:30.