Musanalipire seguru ya galimoto, funsani kaye kampani ngati ikumudziwa wogulitsayo

Abale anga a ku Angoniya, Tsangano, Mowatize ndi kuno ku Tete, maganizo anga ndi awa: munthu amene akukugulitsani seguru koma sangathe kukuonetsani chilolezo chake, musamupatse ngakhale metikali imodzi. Kaya ndi mwana wa mudzi mwanu, kaya mumapemphera naye, kaya mtengo wake ndi wotsika bwanji. Nkhaniyi imandiwawa chifukwa amene amapwetekedwa si anthu opusa. Ndi anthu amene anafuna kutsata lamulo, nakhetsa thukuta, nalipira.

Seguru ndi lonjezo la kampani lakuti ngozi ikachitika idzalipira. Pepala limene mumayenda nalo m'galimoto ndi umboni chabe wa lonjezolo. Ndiye kuti lonjezo likhalepo, zinthu ziwiri ziyenera kuchitika: dzina lanu ndi galimoto yanu zilembedwe m'kaundula wa kampaniyo, ndiponso ndalama yanu ifike ku kampaniyo. Chimodzi chikasowa, pepalalo lingakongole bwanji, palibe amene adzakulipirireni. Chilolezo cha wogulitsa ndicho chimene chimamulumikiza ndi kampani. Popanda icho, kampani idzakuuzani kuti munthuyo sikumudziwa, ndipo idzakhala ikunena zoona.

Kuno ku Mozambiki ntchito ya seguru inaikidwira malamulo atsopano m'chaka cha 2010, ndipo bungwe limene timalidziwa ndi dzina la ISSM ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira makampani a seguru pamodzi ndi anthu owagulitsira. Ogulitsa ovomerezeka alipo amitundu itatu. Pali koretoro, imene ndi kampani yoima payokha yokufunirani seguru ku makampani osiyanasiyana. Pali ajenti, amene amagwira ntchito m'dzina la kampani ya seguru atasainirana nayo mgwirizano. Pali puromotoro, munthu mmodzi amene kampani yamusankha ndipo ili ndi udindo pa zochita zake. Onsewa amayenera kulembedwa m'kaundula. Choncho funso lakuti “kodi ndinu ajenti, puromotoro kapena mukuchokera kwa koretoro uti?” lili ndi yankho lalifupi. Munthu woona amayankha nthawi yomweyo, osakwiya.

Amene alibe chilolezo amatulutsa zinthu zina m'malo mwake. Atulutsa chitupa chake cha unzika. Atulutsa nambala yake ya msonkho, ija ya NUIT. Ena aonetsa chiphaso cha malonda cha ku khonsolo, ena malaya olembedwa dzina la kampani, ena chithunzi cha m'foni ataima pakhomo pa ofesi. Zonsezi zikhoza kukhala zenizeni, koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimamulola kugulitsa seguru. NUIT aliyense angakhale nayo, ndipo malaya amasindikizidwa kumsika.

Tiyerekeze ndi mlimi wa ku Ulongwe amene ali ndi kalole konyamulira mbatatesi kupita nazo ku Tete. Mitengo imene nditchule ndi yongoyerekeza kuti nkhani imveke. Lamulo la 2003 limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi seguru yolipira anthu ena amene ingawapweteke kapena kuwaonongera katundu. Mlimiyu wafunsa ku ofesi, amuuza kuti ndi metikali 9,000 pachaka. Pa siteji wakumana ndi bambo wina waulemu, wovala bwino, amene akuti iyeyo achita ndi 6,000, ndipo pepala lituluka lero lomwe popanda ulendo wa ku Tete. Mlimi watumiza ndalamayo pa M-Pesa ku nambala ya bamboyo. Madzulo walandira pepala lokhala ndi chizindikiro cha kampani yodziwika, chidindo, ndi nambala ya galimoto yake.

Miyezi ikupita ndipo palibe chovuta. Apa mpamene pagona chinyengo chonse. Wapolisi wapamsewu akamuimitsa pa Musakama, amaona pepala lokhala ndi masiku amene sanathe, namulola kupita. Mlimi amatenga kudutsa kumeneko ngati umboni kuti seguru yake ndi yeniyeni, nauza anzake awiri kuti akagule kwa bambo yemweyo. Koma kudutsa pa malo a apolisi sikutsimikizira kuti kampani inalandira ndalama. Seguru imayesedwa tsiku la ngozi, ndipo wogulitsa wachinyengo amadziwa kuti ambiri mwa amene wawagulitsa adzatha chaka osachita ngozi.

Ndiye tsiku lina, potsikira ku Mowatize, mabuleki akana, kalole kagunda shapa kumbuyo. Shapa yaphwanyika, anthu awiri avulala. Mlimi wapita ku ofesi ya kampani ndi pepala lake ndi lipoti la apolisi. Kalaliki walemba nambala ya seguru pa kompyuta. Pamenepa pamatuluka chimodzi mwa zinthu zitatu. Mwina nambalayo kulibe n'komwe, inangopekedwa. Mwina ilipo koma ndi ya galimoto ina, kutanthauza kuti wina anatenga pepala lenileni, nafafaniza dzina ndi nambala ya galimoto, nalembapo zatsopano. Chachitatu ndicho chowawa kwambiri: fomu inalembedwadi m'dzina la mlimiyo, koma ndalama sinaperekedwe, kapena kunaperekedwa kachigawo ka miyezi itatu yokha, ndipo seguru inafa kalekale iye osadziwa. Pa zitatu zonsezi yankho ndi limodzi. Ngati kukonza shapa ndi kuchiritsa ovulala kwafika pa 250,000, ndalama imeneyo ituluka m'thumba la mlimi. Anapulumutsa 3,000, tsopano akugulitsa ng'ombe, mwinanso kalole komweko. Nambala ya foni ya bambo uja yazimitsidwa.

Zonsezi zikanapeweka ndi ntchito yosakwana theka la ola. Musanalipire, funsani dzina lonse la wogulitsa, dzina la kampani imene akuimira, ndi chikalata chosonyeza kuti analembedwa ngati wogulitsa seguru. Onani kuti dzina la pa chikalatacho likufanana ndi la pa chitupa chake, ndipo ngati pali tsiku lothera, onani kuti silinadutse, chifukwa alipo ena amene anagwirapodi ntchito ku kampani, anachotsedwa, koma anatsala ndi khadi ndi mafomu akale. Amenewa ndi ovuta kuwazindikira chifukwa chilankhulo cha ntchitoyi amachidziwa bwino.

Kenako imbani foni ku kampani. Apa pafunika kusamala kwambiri: musaimbe nambala imene wakupatsani wogulitsayo, kapena yolembedwa pa pepala lake, chifukwa woyankha akhoza kukhala mnzake. Pezani nambala nokha, pa khomo la ofesi ya kampaniyo mumzinda wa Tete, pa tsamba lake la pa intaneti, kapena kwa munthu amene analipiridwapo ndi kampaniyo. Funsani kuti, “Kodi uje ndi wanu? Nanga ali ndi chilolezo cholandira ndalama m'dzina lanu?” Mafunso awiriwa ndi osiyana. Munthu akhoza kuloledwa kukufunirani seguru koma osaloledwa kugwira ndalama. Dzina la kampani kapena la koretoro mukhozanso kuliyang'ana pa mndandanda wa ovomerezeka umene bungwe loyang'anira seguru limaika pa tsamba lake. Ngati intaneti ikukuvutani, mwana wa sukulu angakuthandizeni.

Polipira, yang'anitsitsani dzina limene likutuluka pa foni musanatsimikize, kaya ndi M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Likatuluka dzina la munthu m'malo mwa la kampani, imani pomwepo. Lipirani ku akaunti ya kampani kapena ku ofesi, ndipo mulandire lisiti la kampani lokhala ndi nambala yake, osati kapepala ka m'buku la malisiti logulidwa m'sitolo. Pepala la seguru likafika, yerekezani ndi mapepala a galimoto yanu: dzina la mwini wake, nambala ya galimoto, nambala ya shasi, tsiku loyambira ndi lothera. Patapita masiku awiri kapena atatu imbaninso ku kampani, muwawerengere nambala ya seguru, koma musawauze nambala ya galimoto. Aloleni akuuzeni ndi iwo kuti seguruyo ili pa galimoto iti, ndiponso kuti yalipiridwa mpaka liti. Foni yachiwiriyi ndi imene imagwira chinyengo cha mitundu itatu ija, ndipo ndi imene anthu ambiri saimba.

Palinso bodza lina limene limayenda ndi mtengo wotsikawu. Wogulitsa amanena kuti seguru yake ilipira chilichonse, ngakhale galimoto yanu yomwe. Seguru yokakamizidwa ndi lamulo imalipira anthu ena okha. Yolipira galimoto yanu ndi ina, mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndipo kawirikawiri kampani imafuna kuona galimotoyo kapena zithunzi zake isanavomere. Munthu amene akulonjeza zonsezo pa mtengo wochepera wa ku ofesi, asanaione n'komwe galimoto, akugulitsa chinthu chimene kulibe.

Kwa inu a m'malire, ku Zobwe ndi ku Kalomwe, dziwani kuti chilolezo choperekedwa ku Malawi ndi cha ku Malawi. Sichimupatsa munthu mphamvu yogulitsa seguru ya galimoto yolembetsedwa kuno. Timalankhula chinenero chimodzi, timakwatirana, koma mabungwe oyang'anira ndi awiri, ndipo dandaulo lanu silidzakhala ndi kolowera.

Achinyengo omwewa nthawi yogulitsa fodya ikafika amabwera ndi pepala lina, lakuti “sungitsani ndalama, ibereke”. Kulandira ndalama za anthu kuti zisungidwe ndi ntchito ya mabungwe ololedwa ndi Banki Yaikulu ya Mozambiki, ndipo seguru ya moyo yokhala ndi mbali yosunga ndalama imagulitsidwa ndi kampani ya seguru yovomerezeka. Funsani kuti chilolezo chawo chachokera kuti mwa kuwiriku. Akati phindu ndi 20 pa 100 iliyonse mwezi uliwonse, werengani nokha: metikali 10,000 yosiyidwa kuti izibereka chomwecho ingapitirire 89,000 pakutha pa miyezi 12. Palibe malonda oona amene angalonjeze zimenezo kwa aliyense wobwera. Oyamba kulowa amalipidwadi, koma ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo umboni wawo ndi umene umakoka mudzi wonse.

Ena amati kufunsa chilolezo kwa munthu wodziwana naye n'kumunyoza. Ine sindikuvomereza. Ajenti woona amafuna kuti mufunse, chifukwa achinyengo akumulanda makasitomala ndi kumuipitsira dzina.

Ngati mwalipira kale ndipo mtima ukukayika, imbani ku kampani lero ndi nambala ya seguru yanu. Akakuuzani kuti kulibe, galimotoyo musaiyendetse mpaka mutagula yeniyeni. Musafafanize uthenga wa M-Pesa wosonyeza nambala ndi dzina la wolandira, sungani pepala labodzalo, jambulani zimene munalemberana pa foni. Pitani nazo kupolisi mukadandaule, kampani imene dzina lake lagwiritsidwa ntchito muipatse kope, ndipo mudziwitsenso bungwe loyang'anira seguru. Uzaninso aja munawatumiza kwa munthu yemweyo, chifukwa nawonso akuyenda pamsewu opanda seguru.