Kontena imadya ndalama ikaima

Aliyense wokhala ku Moatize kapena ku Zobuwe amawaona mathiraki a makontena akulowera ku Malawi. Katundu akakwera mtengo ku Blantyre anthu amati ndi kutalika kwa njira. Maganizo anga ndi ena. Kuchokera ku Beira kudzera pa Inchope, Changara, mlatho wa Kasuwende mpaka ku Blantyre ndi makilomita opitirira pang'ono 800, ulendo wa masiku awiri kapena atatu. Chimene chimapha amalonda ndi masiku amene kontena imakhala chiimire.

Kontena si ya mwini katundu, ndi ya kampani ya sitima zapamadzi. Ikatsitsidwa pa doko, kampaniyo imapereka masiku aulere, ndipo kawirikawiri kuwerenga kumatha pokhapokha kontena yopanda kanthu itabwezedwa. Apa ndi pamene ambiri amagwa nayo, amaganiza kuti katundu akafika nkhani yatha.

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa masiku 21. Despashante wanu, amene amakuyendetserani mapepala a kasitomu, wayamba mapepala sitima itafika kale, ndiye chikalata chodutsira dziko ndi chikole cha msonkho zadya masiku 7. Chikolecho ndi chotsimikizira Alifandega, a kasitomu a dziko lino, kuti katundu sagulitsidwa muno mu Mozambiki, ndipo chimamasulidwa thiraki ikatuluka pa chipata cha m'malire. Kupeza thiraki ndi kukweza, masiku 3. Ulendo wofika pa Zobuwe, 2. Pamenepo wa kasitomu akupeza kuti nambala ya pa selo yotsekera chitseko ikusiyana ndi ya pa pepala, mwina 8 analemba 3. Dalaivala sangakonze yekha, akonze ndi amene analemba ku Beira, ndipo ngati ndi Lachisanu madzulo ndiye mpaka Lolemba. Kuphatikiza ndi Mwanza, masiku 5 apita. Kutsitsa ku Blantyre, 2. Kubwerera, 3. Onse pamodzi 22, ndiye kuti mwayamba kulipira chindapusa cha tsiku ndi tsiku, m'madola, pa bokosi lopanda kanthu. Mwini thiraki nayenso akufuna yake ya masiku amene galimoto yake inagona pa chipata.

Nchifukwa chake ndimati mapepala aziyambidwa sitima ikadali pa nyanja, ndipo dalaivala asanatuluke pa doko ajambule nambala ya kontena ndi ya selo, azifananize ndi pepala chilembo ndi chilembo.

Ena ati bwanji osakweza pa njanji, poti ya Nacala imachokera konkuno ku Moatize nkudutsa m'Malawi. Pa katundu wolemera ngati feteleza ndi tirigu wochokera ku doko la Nacala, inde, njanji imatchipa. Koma njanjiyo anaimangira malasha, ndipo kontena imodzi imadikira kuti mabogi adzaze. Musanasankhe njanji funsani tsiku lonyamuka, mulichotsere pa masiku anu aulere aja.