Lamulo la 50/30/20 silidziwa nyengo ya tiyi

Anthu akhala akutumizirana m'magulu lamulo logawa malipiro patatu: 50 pa 100 iliyonse ipite ku zofunika, 30 ku zosangalatsa, 20 isungidwe. Adalitchukitsa ndi Elizabeth Warren wa ku America mu 2005, polembera mabanja a kwawoko. Maganizo anga ndi akuti kuno ku Thyolo titolepo kusungako, manambalawo tiwasiye.

Tiyerekeze mayi wothyola tiyi pa esiteti, banja la anthu asanu, walandira K120,000 mu Januwale. Lamulo likuti K60,000 ikwane zofunika zonse, K36,000 asangalale nayo, K24,000 asunge. Ngati thumba la chimanga lili pa K50,000, yotsala ndi K10,000 yoti ikwane chigayo, ndiwo, mchere, sopo ndi nkhuni mwezi wathunthu. Nanga K36,000 yosangalalirayo, asangalale ana atagona ndi njala?

Ine ndingagawe chonchi: K102,000 zofunika, K12,000 kusunga, K6,000 ya mayunitsi ndi kanyama kamodzi. Kachepa, inde, koma musakachotse. Munthu akadzimana zonse, tsiku lina amakatapa m'zosunga zija.

Chachikulu ndi nyengo. Tiyi amachuluka mvula ikamagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo m'pamene makilogalamu amachuluka ndi malipiro omwe. Tsoka lake, miyezi yomweyo m'pamene chimanga chimadula. Chikamatsika mtengo cha mu Meyi ndi Juni, masamba m'munda achepa, ena ntchito yatha. Ndiye K12,000 ija isungidwe miyezi isanu ya mvula, ikwane K60,000, mugulire chimanga pokolola n'kuchithira mankhwala a anankafumbwe kapena kuchiika m'matumba osalowa mpweya a PICS. Ndalama yongokhala imasungunuka. Tonse tidaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. M'chilimwe, ngakhale mutasunga K2,000 yokha, palibe chamanyazi.

Samalani posungirapo. Banki m'khonde zambiri zimagawana mu Disembala, chimanga chitakwera kale, choncho funsani mwezi wogawana musanalowe gulu. Mukaika pa Mpamba kapena Airtel Money, kumbukirani kuti potapa amadula, ndiye osamatapa pang'onopang'ono.

Amene ali ndi ngongole ya katapila asayambe n'kusunga. Ngati munakongola K20,000 yoti mubweze K30,000 pakutha pa mwezi, palibe chimanga chimene chingakupindulireni chotero, K12,000 ija ipite kumeneko mpaka ngongole ithe. Ndipo mukaona kuti mukusunga koma sabata yomaliza mukukalembetsa sopo ndi mchere pa okala, ndiye kuti gawo losunga lakula. Litsitseni lifike pa K6,000 mwezi wotsatira.