Chenjezo kwa inu osintha mayina ngati malaya

Ana inu, ndakhala ndikuyang'ana khalidwe lanuli kwa nthawi yaitali, lero ndilankhulepo. Munthu mmodzi, mutu umodzi, koma pa chiphaso cha unzika ndinu Mkandawire, ku banki ndinu Mkandawile, pa satifiketi ya MSCE ndinu Nyirenda chifukwa munaleredwa ndi amalume, ndipo pa simu kadi pali dzina la mkazi wa mnansi wanu amene anakugulirani ku depoti. Mukafunsidwa mumaseka, amvekere, "Aaa madala, ndi ine ndemwe, aliyense akundidziwa." Akukudziwani ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu. Kompyuta ya ku ofesi sikudziwani, siidziwa agogo anu, ndipo siimva zoti kwathu kuno l ndi r timazitchula mofanana. Imayerekeza chilembo ndi chilembo. Chirwa ndi Chilwa kwa iyo ndi anthu awiri, Mhango ndi Muhango anthu awiri, Tiwonge ndi Tionge anthu awirinso.

Kale zinkatheka, sindikukana. Munthu unkatsegula akaunti ndi kalata ya abwana a kuntchito kapena ya amfumu, kalaliki n'kulemba zimene wamva ndi khutu. Zinthu zinasintha mu 2017, pamene bungwe la NRB linayenda dziko lonse kulemba aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo anthu oposa mamiliyoni 9 analembedwa. Kuchokera apo chiphaso cha unzika chinasanduka tsinde. Mu 2018 tinakakamizidwa kulembetsa manambala a foni, mabanki nawo anatiitana kuti tikaonetse ziphaso, ndipo a Imigireshoni popanga pasipoti amayang'ana zimene zili ku NRB. Choncho cholakwika chimene munachilekerera tsiku lija muli pamzere pa bwalo la sukulu, mukufulumira kuti mukatsegule okala, chikukutsatani mpaka lero.

Ndikuuzeni za mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamwamuna. Dzina lake ndilibisa, tingomutcha Tiwonge. Anabadwa mu 2000, bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira kwa amalume ake ku Zolozolo. Tsiku lokamulembetsa Sitandade 1 anapita naye ndi akazi a amalumewo, ndipo atafunsidwa dzina la bambo anatchula la nyumba imene mwanayo amagona. Palibe anaona vuto. Dzina limenelo linakwera naye mpaka mayeso a Sitandade 8, linalowa naye ku sekondale, ndipo ndi limene MANEB inasindikiza pa satifiketi yake ya Folomu 4. Koma mu 2017 tinamutenga ife akuchimuna, n'kumuuza kuti mwana wa kwathu sangalembetse unzika pa mfunda wa eni. Tinanyada, tinamulembetsa pa dzina la bambo ake, ndipo tinabwerera kunyumba tikudziona ngati takonza mbiri ya banja. Kulakwa kumeneko n'kwanga, sindinamizira kalaliki aliyense.

Zinaululika patapita zaka. Anapeza mwayi wa maphunziro kunja kwa dziko, anapangitsa pasipoti, ndipo pasipotiyo inatuluka bwinobwino ndi dzina la pa chiphaso. Atatumiza mapepala, a sukuluyo anayankha mwaulemu kuti satifiketi ndi ya munthu wina, pasipoti ndi ya munthu wina. Anali ndi milungu yowerengeka. Ndinamuona mwanayo atakhala pakhonde m'mawa wa mwezi wa Juni, kamvula kowaza ka kuno kakugwa, atayala mapepala asanu pa mphasa ndi kuwatsindira ndi makapu kuti asauluke. Mayina atatu, chifukwa pa khadi la ubatizo panalinso dzina lapakati limene silinali kwina kulikonse. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, ndiye ine ndine ndani apa?" Ndinasowa choyankha.

Tsono mverani mmene tinayendera, chifukwa apa ndi pamene ambiri mumataya ndalama za kabaza n'kuzungulira tawuni yonse pachabe. Choyamba musathamangire ku ofesi iliyonse. Khalani pansi, yalani mapepala onse monga anachitira iye, muwerenge chilembo ndi chilembo, dzina loyamba, lapakati, la bambo, ndiponso tsiku lobadwa, pakuti nalonso limasemphana kwa amene munadzichepetsa zaka pobwereza Sitandade 8. Mukatero musankhe dzina limodzi limene mudzafe nalo. Posankhapo muganizire pepala limene ndi lovuta kulisintha kuposa onse. Banki imasintha dzina mosavuta ikaona chiphaso. Simu kadi chimodzimodzi. Koma satifiketi ya mayeso ndi mbiri ya zimene zinachitika chaka chimenecho, ndipo a mayeso sasintha dzina chifukwa choti munthu wabwera kudzanena kuti ndi lake, pakuti akanatero bwenzi anthu akugulitsana masatifiketi ku msika wa Taifa ngati zitenje. Ndikanakhala ndi nzeru mu 2017, ndikanayang'ana kaye dzina limene mwanayo ankalembera mayeso.

Muyeneranso kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene mumazisakaniza. Kukonza chilembo cholakwika, monga Munthari pamene mumafuna Munthali, ndi nkhani ina. Pamenepo mumapita ku NRB, amene ali ndi maofesi m'maboma onse, mutanyamula umboni wosonyeza kalembedwe koona, monga satifiketi ya kubadwa kapena ya sukulu, n'kulemba fomu yokonzetsa, kulipira, ndi kudikira chiphaso chatsopano. Koma kusiya dzina lonse n'kutenga lina ndi nkhani ya lamulo. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa kusintha dzina mwachisawawa, ndipo timazidziwitso timene mumationa m'nyuzipepala, toti uje amene ankadziwika kuti wakuti akufuna azidziwika kuti wakuti, timachokera pamenepo. Mumapempha chilolezo ku boma, nkhani imalengezedwa kuti wotsutsa atsutse, ndipo pepala lovomereza likatuluka ndi limene mumayenda nalo m'maofesi ena onse. Sizichitika pa sabata imodzi.

Ndiye pali afidaviti, imene achinyamata mumaiyesa mankhwala a matenda onse. Afidaviti ndi kalata ya lumbiro, imene mumasainira pamaso pa majisitireti kapena loya amene ali ndi mphamvu yolumbiritsa, yonena kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi ndipo anasiyana pa chifukwa chakuti. Imafotokoza basi, siisintha chilichonse mu kompyuta ya wina aliyense. Mukalumbira lero n'kukaiika m'sutikesi, ku banki mudakali Mkandawile. Komanso amene mwamupatsa ali ndi ufulu woilandira kapena kuikana. Ndipo musamaname mmenemo. Kunama pa lumbiro ndi mlandu, ndipo amene mukufuna kugwiritsa ntchito satifiketi ya mchimwene wanu amene anamwalira, mukuti poti nkhope n'zofanana, mukudzikumbira dzenje.

Kwa Tiwonge tinaona kuti chiphaso, pasipoti ndi akaunti zinali kale pa dzina la bambo ake, ndipo chosemphana chinali satifiketi yokha. Kugwetsa zitatu kuti zitsate chimodzi kukanadya miyezi ndi ndalama za pasipoti ina. Tinasankha kumanga mlatho. Tinapita kumudzi kupyola Ekwendeni, amfumu analemba kalata yotsimikiza kuti mwanayo ndi wa malemu uja ndipo analeredwa ndi amalume ake, n'kudindapo chidindo. Ahedi a sekondale imene anaphunzira anatsegula kaundula wakale n'kulemba kuti wophunzira wa nambala ya mayeso yakuti ndi yemweyu. Amalume ake anabwera okha ndi chiphaso chawo kudzachitira umboni. Ndi mapepala amenewo tinakalumbira, ndipo m'kalata ya lumbiroyo tinalemba mayina onse awiri ndendende monga alili pa mapepala, pamodzi ndi nambala ya chiphaso ndi nambala ya mayeso. Manambalawo ndi amene amamanga nkhani, chifukwa a Nyirenda ndi a Mkandawire alipo ambirimbiri kuno kumpoto, koma nambala ndi ya munthu mmodzi. A sukulu ya kunja ija analandira, koma tsiku lomaliza linali litadutsa, ndipo mwanayo anadikira chaka chathunthu akugulitsa mandasi ku Luwinga.

Mukamakonza, tsatani ndondomeko kuchokera ku tsinde. Chiphaso cha unzika choyamba, pasipoti pambuyo pake, kenako banki, foni, kuntchito ndi ku penshoni. Mukayamba ndi banki akubwezani, chifukwa iwo amakopera zimene zili pa chiphaso. Ndipo tikiti ya ndege muzigula mutatsegula pasipoti patsogolo panu, osati polemba za m'mutu. Chimodzi chokha chisakuopseni, inu a Ng'oma ndi a Ng'ambi: m'mizere iwiri ya pansi pa tsamba la chithunzi, imene amawerenga ndi makina, kachizindikiro kapamwamba kaja sikalembedwa, ndipo mupeza NGOMA kapena NGAMBI. Ndi mmene mapasipoti a dziko lonse lapansi amalembedwera, sikuti alakwitsa.

Amayi, inunso ndikunenani. Kuitanidwa kuti NyaGondwe kapena NyaKumwenda ndi ulemu wa kwathu kuno ndipo ndi wokoma, koma ngati pa chiphaso palembedwa Gondwe, mwana wanu wa ku Joni akamatumiza ndalama alembe Gondwe. Akalemba NyaGondwe, wa pa kauntala adzakubwezani, ndipo musamutukwane, akutsata lamulo loteteza ndalama zanu zomwezo. Pa za ukwati, palibe lamulo lokukakamizani kutenga dzina la amuna anu. Mukafuna kulitenga, tengani ndi mtima wonse, munyamule satifiketi ya ukwati mukasinthe paliponse. Koma zoti ku tchalitchi ndi ku banki ndinu mayi Msiska, pa chiphaso ndinu a Harawa, zidzakuvutani tsiku limene bambo atsikira kuli chete ndipo mukufuna kulandira za penshoni, achibale a mwamuna ataima pambali akuti sakukudziwani.

Makolo amene ana anu ali mu Sitandade 8 kapena Folomu 4 chaka chino, nthawi yanu ndi ino. Sukulu ikamalembetsa ana ku MANEB, mayina amaonetsedwa kuti atsimikizidwe mayeso asanalembedwe. Mwana wa zaka 13 amangoyang'ana n'kuvomera, chifukwa akuopa aphunzitsi ndipo akufuna akasewere mpira. Pitani nokha ku ofesi ya ahedi mutanyamula satifiketi ya kubadwa ya mwanayo, muike mapepala awiriwo pamodzi pa tebulo, muwerenge ndi chala. Mng'ono wake wa Tiwonge akulemba chaka chino, ndipo ndinapitako Lachiwiri lapitali. Ndinapeza dzina lake lapakati lili kutsogolo, loyamba lili pakati, ndipo ahedi anakonza ine ndili chiimire pomwepo.