Lekani kukopera mawu okanira omwe simunawawerenge

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Mnyamata amene timagwira naye ntchito yojambula mapulani anatumizira kasitomala chithunzi cha nyumba chomwe anapanga ndi Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi kuchokera ku mawu omwe mwalemba, ine ndisanachione. Nyumbayo papulani ndi yosanja kamodzi, pansi ndi pamwamba basi. Pachithunzi panali mizere itatu ya mawindo, khoma lakumanzere litapindika ngati nthochi, zitsulo za pakhonde lam'mwamba zitasungunuka n'kulowa m'njerwa. Bambowo anandiimbira m'mawa kufunsa ngati tawonjezera nsanjika osawauza, ndiponso kuti simenti yakeyo alipira ndani.

Nditamufunsa, mnyamatayo anati, "Koma bwana, mu `Negative prompt` ndinalembamo zonse." Ndinati tione. Zimene ndinapezamo zinali `extra fingers, bad anatomy, mutated hands, ugly face, long neck`, ndi mawu ena ambirimbiri omwe anakopera kwa munthu wina amene amapanga zithunzi za anthu. Nyumba ili ndi zala? Ili ndi khosi? Mawu onsewo, ngakhale amodzi onena za khoma munalibe.

Mfundo yanga ndi imodzi. Pulogalamuyi ili ndi mabokosi awiri, lapamwamba la zomwe mukufuna pachithunzi, ndi lamunsi la `Negative prompt`, la zomwe simukufuna. M'bokosi lamunsilo mumalembamo chimene mwachiona ndi maso anu chitalakwika pachithunzi chanu, osati mndandanda wobwereka. Ngati simunachione, musachilembe.

Mwina vuto n'lakuti anthu amaganiza kuti bokosilo ndi chofufutira. Ayi. Pa sitepe iliyonse yopangira chithunzi pulogalamuyi imayerekeza kawiri, kamodzi motsatira mawu a m'bokosi lapamwamba, kenako motsatira a m'bokosi lamunsi, n'kukankhira chithunzicho kutali ndi chachiwirichi. `CFG Scale`, yomwe mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera Stable Diffusion, imayambira pa 7, ndi imene imanena kuti kukankhako kukhale kwamphamvu bwanji. Mukaiika pa 1, mawu okanirawo alibenso ntchito. Tsono mukadzaza bokosilo ndi zala ndi nkhope, mukuikankhira nyumba kutali ndi zinthu zomwe sinali nazo n'komwe, pomwe khoma lopindika lija palibe walikhudza. Komanso mawuwo amawerengedwa m'magulu a tizidutswa 75. Liwu lanu limodzi lofunika limangomira m'khamu la mawu opanda pake.

Ndipo musamalembe `no third floor`. Chimene chimawerenga mawuwa sichimva bwino liwu loti ayi, kuwerengera nsanjika nakonso sichitha. Mukalemba zimenezo m'bokosi lapamwamba, chimangotola `third floor`, ndiye kuti mwaiitana nokha nsanjikayo. Chimene chimadziwa ndi maonekedwe a zinthu zomwe chinaona zambiri zili ndi mayina. Nyumba yaitali ya mumzinda chimaidziwa. Kanani imeneyo potchula dzina lake.

Ndinakhala naye pansi. Choyamba tinasiya `Seed`, nambala imene chithunzi chimayambirapo, pa nambala imodzi, osati -1 yomwe imasankha ina mwachisawawa ulendo uliwonse, chifukwa nambalayo ikamasintha nthawi zonse simungadziwe ngati chithunzi chakonzeka chifukwa cha mawu anu kapena mwamwayi. Tinafufuta mndandanda wonse uja, n'kupanga chithunzi bokosi lili lopanda kanthu. Nsanjika yachitatu inalipobe. Nditayang'ana kukula kwa chithunzi ndinapeza kuti anaika 512 m'lifupi, 896 kutalika, pa Stable Diffusion 1.5 yomwe inaphunzitsidwa ndi zithunzi za 512 kwa 512. Mukaipatsa malo aatali choncho, imadzaza kumwambako pobwereza zomwe yajambula kale, mofanana ndi mmene imaperekera mitu iwiri kwa munthu mmodzi. Tinachigoneka, 768 kwa 512, n'kulemba chonchi:

```
two-storey brick house, front view, full roof and sky visible
Negative prompt: high-rise, apartment block, tower, fisheye lens, curved walls, tilted
```

Mawu okanira asanu ndi limodzi okha, ndipo tinkawonjezera limodzilimodzi, n'kumayang'ana chimene chasintha. Atatu oyambawo ndi okana kutalika. `fisheye lens` ndi wokana kamera ija imene imapinda mizere ya m'mbali ngati mukusuzumira m'botolo. Denga ndi thambo tinazitchula pamwamba dala, kuti nyumba ikhale ndi pothera. Liwu limene silinasinthe kanthu tinkalichotsa pompo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale. Mnyamatayu ankafuna kumaliza mu mphindi zisanu.

Nsanjika inachoka, khoma linawongoka ndithu ngakhale osati kwenikweni, koma zitsulo za pakhonde zinali phala lokhalokha. Apa ndi pomwe anthu amandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa amayamba kulemba `(melted:1.6), (deformed:1.8)` ngati kuti kukalipa kuthandiza. Tawerengerani nokha. Pulogalamuyi imajambula pa chithunzi chochepetsedwa kasanu ndi katatu mbali iliyonse, moti cha 512 kwa 512 chimakhala timabokosi 64 kwa 64. Nyumba ya mamita 12 ikadzaza mapikiselo 768, mita imodzi ndi mapikiselo 64. Chitsulo cha masentimita awiri chimangopitirira pang'ono pikiselo imodzi, pomwe kabokosi kamodzi kamatenga mapikiselo 8. Chikwana pati? Palibe liwu lokanira limene lingapange malo pomwe palibe malo. Mukakweza manambala m'mabulaketimo mumangopeza mitundu yopserera ndi makoma osalala ngati pulasitiki. Ife tinayatsa `Hires. fix`, yomwe imakulitsa chithunzi n'kuchijambulanso, kukulitsa kawiri, `Denoising strength`, yomwe imanena kuchuluka kwa zomwe ingasinthe, pa 0.35, ndipo zitsulo zinayamba kuoneka chilichonse pachokha. Titayesa 0.7 inayambanso kusintha mawindo, ndiye tinabwerera.

Za mizere yowongoka kwenikweni, mawu paokha sangakwanitse, ndanena kambirimbiri. ControlNet, chowonjezera chimene chimachititsa pulogalamuyi kutsatira chithunzi chomwe mwaipatsa, ilipo kuyambira 2023, ndipo ili ndi `mlsd` yomwe ntchito yake ndi kutola mizere yowongoka ya nyumba. Mnyamatayu anali ndi nyumba yonse yojambula kale mu SketchUp, pulogalamu yojambulira nyumba mu 3D, pakompyuta yomweyo! Kungotulutsa chithunzi cha kutsogolo kwake n'kuchiika mu ControlNet, mawindo amakhala pomwe pulani yawaika, nsanjika n'kukhala zomwe tinagwirizana ndi mwini nyumba. Zikatero bokosi lamunsi limatsala ndi ntchito yochepa, yokana zinthu ngati `blurry` kapena `watermark` ngati zaonekeradi.

Ndiye musandiuze kuti muli ndi mndandanda wabwino umene umagwira pa chilichonse. Kulibe. Umene unathandiza pa 1.5 suyenera kutengedwa wonse kupita nawo ku SDXL, mtundu wina wa Stable Diffusion, yomwe inatuluka mu 2023 ndipo imajambula pa 1024 kwa 1024. FLUX.1 [dev], inanso yopanga zithunzi, mmene imabwerera siigwiritsa n'komwe ntchito mawu okanira, koma ndaonapo anthu akumata mndandanda womwewo n'kumakhulupirira kuti ndi umene wawakonzera chithunzi. Werengani zomwe mukumata. Yang'anani chithunzi chanu, tchulani cholakwika chimodzi, lembani, yesani, kenako chotsatira.

Ndipo poti ndayamba kale, inu amene mukutenga zithunzizi n'kukapatsa mmisiri kuti amange motsatira, mukuganiza chiyani? Chithunzicho sichidziwa kuti mzati unyamula chiyani. Mwezi watha ndinaona china chili ndi khonde lam'mwamba lotuluka mamita atatu popanda chilichonse cholichirikiza, masitepe akukathera pakhoma lopanda chitseko, mwini wake akufunsa mtengo wa njerwa.